Agogo sadziwa kulemba: nanga kalata yotsazika ija walemba ndani?

Mlembi wa nthano yaitali akafika pampondachimera, kawirikawiri amafuna kuti munthu amene akumwalira alankhule komaliza. Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi kalata: agogo matenda akula, mdzukulu ali kutali, mawu aikidwe papepala. Maganizowo ndi abwino. Koma nthanoyo ikakhala ya kwathu kuno, ku Angonia, ku Tsangano kapena ku Makanga, wowerenga amene anakulira pamudzi amafunsa funso limodzi asanafike ndi pakati pomwe pa tsamba: cholembera anagwira ndani? Kukoma kapena kusukuluka kwa kalata yonse kumachokera pa yankho la funso limeneli, koma alembi ambiri amangolilumpha.

Tiwerengere zaka. Gogo womwalira mu 2010 ali ndi zaka 70 anabadwa mu 1940, nthawi ya Apwitikizi. Masiku amenewo boma linasiya maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mamishoni a Katolika, monga wa ku Lifidzi, ndipo chilankhulo cha m'kalasi chinali Chipwitikizi. Ana aakazi amene anapondako anali owerengeka. Pamene dziko linkalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Alipo ndithu amayi ena amene anaphunzirira kuwerenga pa buku la nyimbo kutchalitchi, kapena kusukulu ya kwacha pamene anali kothawa nkhondo ku Malawi. Ngati agogo a m'nthano yanu ndi otero, tiwaone m'mitu yoyambirira akuwerenga, chala chikutsata mzere. Chosamveka ndi chakuti gogo amene buku lonse wakhala akudinda chala, lero ali gone pamphasa atulutse masamba asanu a Chichewa cha m'nyuzipepala.

Ine ndimakonda kuti gogoyo akhalebe wosadziwa kulemba, chifukwa vuto limenelo ndi limene limabala nthano. Kalata yolembetsa ili ndi anthu atatu: wonena, wolemba ndi wolandira. Wolemba uja, amene wakhala pambali pa mphasa ndi kope pabondo, akumva zonse. Choncho agogo sangalankhule momasuka ngati ali okha ndi mdzukulu wawo. Azisankha mawu, azizungulira, pena azilamula kuti "lemba momwemo". Kulimbana kumeneku, kwa chinthu chimene chiyenera kutuluka ndi khutu limene siliyenera kuchimva, n'kumene kumagwira wowerenga pakhosi kuposa misozi imene mlembi angathire papepala.

Ndiye wolembayo asankhidwe mosamala. Mukasankha akatekisiti kapena mkulu wa mpingo, kalata isanduka kulapa, ndipo iwo aziika mavesi ndi kusalaza pamene agogo anena mokhadzula. Mukasankha amalume ake a mdzukuluyo, amene ali ndi mbali pa nkhani ya munda ndi katundu, wowerenga ayamba kukayikira mzere uliwonse, ndipo zimenezo ndi zabwino pokhapokha ngati nthano yanu ndi ya chinyengo. Mwana wa sukulu wa zaka 12 kapena 13 ndi amene agogo ambiri amatuma, pakuti ndi womvera, sabweza mawu, komanso zina zimamudutsa pamwamba. Mwana wotere amalemba zonse, ngakhale zimene sanauzidwe kuti alembe.

Tiyeni tipange nthano yathu kuti tione mmene zimayendera. Mpangankhani wamkulu ndi Luwiza, wa zaka 24, amene amagulitsa kachewere ndi nyemba pamsika mumzinda wa Tete. Kwawo ndi kufupi ndi Domwe, ulendo wa maola ochepa wapansi kukafika m'malire a Dedza. Anabadwa mu Okutobala 1986, nthawi imene anthu ankakhamukira ku Malawi nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa, mpaka othawa m'dzikomo anadzafika pafupifupi miliyoni imodzi. Analeredwa ndi agogo ake akuchikazi, aNaphiri. Chiyambire anauzidwa kuti amayi ake, Marita, anatengedwa ndi anthu a mfuti usiku wothawa. Bodza limeneli ndi lokhulupirika, chifukwa ambiri anatengedwadi, ndipo nkhondo itatha mu 1992 ena anatulukira patapita zaka. N'chifukwa chake buku lonse Luwiza akusaka. Akamva mphekesera ya mayi wolankhula Chichewa ku Mutarara, watseka benchi wakwera chapa. Akamva za wina ku Beira, wathera mpamba wonse pa ulendo. Amalume ake, amene nthawi ya nkhondo anali ku Zimbabwe, amamunena kuti ndi wosakaza ndalama, ndipo iwo maso awo ali pa munda wa agogo, akufuna kuubwereketsa kwa mlimi wa kachewere, kuphatikizapo kachigawo ka kumapeto kamene kali ndi mtengo wa msuku, kamene sikanalimidwepo chibwerereni anthu ku Malawi.

Tsono agogo matenda akula. Aitana Zuze, mwana wa mnansi, wa kalasi 6. Iye wang'amba mapepala awiri pakati pa kope. Kalata yake ikhoza kukhala yotere:

Wokondedwa Luwiza,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wako ku Tete kotenthako. Ine kuno ndilipo pang'ono, chifuwa chokhachi. Amene akulemba ndi Zuze, ndamuuza alembe mmene ndikunenera, asaikemo nzeru zake zakusukulu.

Mkazi mnzanga, nyemba zija unkazililira zili m'kathumba kuseri kwa chitseko. Zofiirazo ndi zambewu, usaphike. Nkhuku yamawangamawanga ndi yako pamodzi ndi anapiye ake.

Tsono tamvera. Pamsuku paja ndinakukwapulira palibe njoka. Sipanakhalepo njoka.

Agogo akutsokomola ati tidikire.

Lero Lachinayi tayambanso.

Usiku umene tinathawa, chaka chimene Samora anagwa ndi ndege, Marita nthawi yake inakwana tili kumunda kuja. Iwe unafika. Zotsala zija sizinabwere. Kumudzi moto unali utayaka kale. Iye anati amayi tengani mwanayu tsogolani, ndikupezani. Ndinamufunditsa nsalu yanga. Ndinamusiya akupuma. Lemba momwemo Zuze, akupuma. Ndinabwerako patapita masiku awiri ndi khasu lobwereka. Ntchito ya adzukulu ndinagwira ndekha.

M'kachitini ka tiyi kaja muli mikanda. Si yanga. Ukaonetse aNasibeko, anamuveka ndi iwo.

Ndalama zako za ku Mutarara ndi ku Beira ndinadya ndine ndi pakamwa pangapa. Pepa mwanawe.

Khasu lisagwe pamenepo. Amalume ako sadziwa, usawanyoze. Usapiteko wekha, pita ndi akuluakulu. Amayi ako sanaliridwe.

Ndili ndi ngongole ya mametikali 50 kwa amake Zuze, ya sopo ndi palafini. Ubweze.

Ndatha ine agogo ako,
Naphiri

Ine Zuze ndalemba. Pena sindinamve bwino.

Kalatayi siifika mawu 200. Ndi dala. Munthu wa chifuwa chotere salankhula chiganizo chotalika, mpweya umamuthera pakati, ndipo mwana wolemba ndi bolopeni pabondo amachedwa. Buku likhoza kukhala la masamba 250, koma kalata ikadutsa masamba awiri kapena atatu yasiya kukhala ya wodwala, yasanduka ya mlembi amene akufuna kutsuka mkamwa. Njira yoyesera ndi yosavuta: werengani mokweza, muzipuma pakatha mawu asanu kapena asanu ndi awiri. Chiganizo chimene chikukana kudulidwa chotero si cha agogo.

Taonani poyambira. Malonje aja a "ndifuna kumva za moyo wako" ndi amene kalata iliyonse ya kumudzi imayambira, ndipo alembi ena amawachotsa poganiza kuti akuchedwetsa nkhani. Asiyeni. Luwiza akuwerenga agogo ataikidwa kale, ndiye "ndilipo pang'ono, chifuwa chokhachi" akumulasa kuposa mmene akanamulasira "ndikufa". Anthu akwathu imfa saitchula ndi dzina ikakhala pakhomo. Ngakhale uthenga wopita kwa wachibale wakutali umati matenda akula, bwerani, pamene mwina munthu watsirizika kale. Gogo amene akuyamba ndi "pamene ukuwerenga kalatayi ine ndidzakhala nditafa" akulankhula ngati wa m'kanema.

Kenako nyemba ndi nkhuku. Apa ndi pamene chikondi chagona. Gogo wa ku Domwe sanena kuti "ndimakukonda ndi mtima wanga wonse". Amakusungira mbewu, amakupatulira nkhuku, amakutcha "mkazi mnzanga", pakuti gogo ndi mdzukulu wamkazi amaseka chotero, monga mmene mdzukulu wamwamuna amatchedwera "amuna anga". Nthabwala imeneyi iyenera kukhala kuti yamveka kale m'buku, kuti pano ibwere ngati mawu odziwika. Komanso nyembazo zikugwira ntchito ina: zikuonetsa munthu amene akuzengereza. Agogo aitanitsa mwana kuti anene chinthu chachikulu, koma ayamba ndi zing'onozing'ono chifukwa lilime likukana. Wowerenga amazimva zimenezo popanda kuuzidwa.

Pamtima pa kalata ndi mzere uja wa njoka, ndipo mzerewo paokha ulibe mphamvu iliyonse. Mphamvu yake inabzalidwa kutali. Kumayambiriro kwa buku, Luwiza ali ndi zaka 9, akuthandiza kuunga mizere, wapitirira mpaka pamsuku, ndipo agogo amene sanamumenyepo amukwapula ndi kamtengo mpaka manja kunjenjemera, ati pali njoka. Pakati pa buku, Luwiza akusesa m'nyumba apeza kachitini ka tiyi komangidwa ndi nsanza, agogo amulanda osanena kanthu. Chakumapeto, pa Pasaka, wabwera kudzazonda matenda, agogo ayamba kuti "Luwiza, usiku uja...", kenaka akhala chete n'kumutuma kukatsekera nkhuku. Katatu n'kokwanira. Kamodzi kokha wowerenga aiwala, ndipo kalata ikafika aziona ngati mlembi watola chinsinsi panjira. Mukabwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, adziwiratu, ndiye kalata ibwera kudzanena zimene aliyense wazindikira kupatula Luwiza yekha, amene tsopano aoneka wopusa. Chofunika ndi chakuti wowerenga akafika pa "sipanakhalepo njoka" atseke buku pang'ono, akumbukire kamtengo kaja.

Chimene ndimalimbikira kwambiri ndi ichi: m'kalata musalowe chinthu chachilendo kupatula chimodzi. Msuku, kachitini, aNasibeko, maulendo a ku Mutarara, zonse tinaziona kale. Chatsopano ndi chakuti Marita ali pansi pa mtengo uja ndipo anasiyidwa akupuma. Mukawonjezerapo kuti bambo ake a Luwiza ndi mfumu, kuti pali ndalama zokwiriridwa, kuti amalume si mwana wa agogo, zinsinsizo ziyamba kulimbirana malo ndipo palibe chimene chipweteke mokwanira.

Tsopano tibwerere kwa Zuze, chifukwa ndime ya usiku wothawa yaumbidwa ndi kukhalapo kwake. Za kuchikuta ndi nkhani za ntchembere. Sizinenedwa pamaso pa mwamuna, nanji mwana. N'chifukwa chake agogo akuti "nthawi yake inakwana", "iwe unafika", "zotsala zija sizinabwere". Zuze akulemba osadziwa kuti zotsalazo n'chiyani. Luwiza, amene ndi mayi wamkulu tsopano, akumva bwinobwino kuti amayi ake anataya magazi mpaka kutha. Wowerenga nayenso akumva. Kuphiphiritsa kumeneku si kukometsera chabe. Kuli ndi chifukwa chooneka, chimene chakhala pambali pa mphasa ndi bolopeni m'manja. Mlembi akaphiphiritsa popanda chifukwa chotere, wowerenga amaona kuti akubisiridwa dala.

Koma pali mawu amodzi amene agogo akukana kuwaphimba: akupuma. Mwana uja mwina anaima kulemba, anawayang'ana, ndipo iwo anati lemba momwemo. Iye, mwa kumvera kwake, walemba ndi lamulolo lomwe. Apa m'chipindamo mwaoneka monse popanda mlembi kufotokoza kanthu: tikuona mwana wodabwa, tikuona gogo amene watsimikiza mtima kuti asadzichepetsere mlandu. Akanatha kunena kuti anamusiya atafa kale, ndipo palibe akanamutsutsa. Chimodzimodzi "agogo akutsokomola ati tidikire" ndi "lero Lachinayi tayambanso". Mizere iwiri imeneyi ikutiuza kuti kalatayi inatenga masiku, kuti panali usiku umene agogo anagona atanena za njoka koma asananene za Marita, ndipo akanatha kumwalira usiku umenewo nkhani ili theka. Koma musachulutse. Zuze akalowerera pa ndime iliyonse asanduka wanthabwala, ndipo pampondachimera si malo ake.

Kalembedwe ka mwanayo nakonso n'koyenera kukaganizira. Ana ambiri a ku Angonia amaphunzira kulemba m'Chipwitikizi. Kuphunzitsa m'Chinyanja kunayesedwa m'sukulu zochepa za m'chigawo cha Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo pamene kunayambanso m'zaka za m'ma 2000 sikunafike sukulu iliyonse. Zuze chilankhulo ndi chake, koma pochilemba abwereka zilembo zakusukulu, monga kuika nh pamene ife timaika ny. Musasindikize kalata yonse m'kalembedwe kotero, wowerenga atopa ndi kumasulira m'malo momva chisoni. Ndi bwino mfotokozankhani anene kamodzi kuti Luwiza anakakamira pa liwu lina mpaka analitchula mokweza kuti alimve, basi. Kutchula mokweza kumeneko kuli ndi phindu lake: mawu a agogo akutuluka m'kamwa mwa mdzukulu.

Za mbiri ya dziko, agogo asakhale mphunzitsi. Mlembi amene wafufuza kwambiri amafuna kuti zonse zimene wapeza zilowe, ndiye gogo wodwala ayamba kunena za pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, za chiwerengero cha othawa, za mayina a zipani. Palibe gogo amawerenga nthawi chotero. Amati chaka cha njala, chaka chimene tinabwerako, chaka chimene Samora anagwa ndi ndege. Wodziwa adziwa kuti ndi Okutobala 1986, wosadziwa sataya kanthu. Onaninso kuti m'kalatamo sanatchule kuti moto anayatsa ndani. Luwiza si woweruza wa nkhondo, ndipo mlandu umene agogo akuulula ndi wawo.

Nanga bwanji sanafotokoze chifukwa chimene ananamira zaka 24? Alembi ambiri apa amatsegula ndime yaitali yodzikhululukira. Ine ndingaichotse. Chifukwacho chionekere kwina, m'mutu wina wakale umene tinaona aNaphiri akufika tsidya la Dedza m'bandakucha ndi khanda losasamba, mayi wina woyamwitsa akulilandira, ndipo munthu afunsa kuti Marita ali kuti. Iwo angoti "amutenga". Liwu limodzi, lonenedwa ndi munthu wotopa ndi wamantha, limene mawa lake labwerezedwa kwa amfumu, mkuja kwa olemba mayina a chakudya, mpaka lauma ngati njerwa. Pa nthawiyo wowerenga analikhulupirira nayenso. M'kalata mwatsala "ndinadya ndine" ndi "pepa mwanawe". Wamkulu kupepesa mwana ndi chinthu cholemera kwathu kuno, choncho liwu lopepesalo linenedwe kamodzi, ndipo lisakhale mzere womaliza. Likakhala kumapeto limakhala ngati likupempha yankho, pamene agogowa akudziwa kuti yankho sadzalimva. N'chifukwa chake akutsiriza ndi ngongole ya sopo ndi palafini. Munthu wokonzeka ulendo amatero, ndipo ngongole yaing'onoyo ikukhala pafupi ndi ina ija imene singabwezedwe.

Kalata yolephera imadziwika msanga. Imati mdzukulu wanga wokondedwa, limbikira ntchito, uziopa Mulungu, uzilemekeza akuluakulu, usadzandilire, kenaka miyambi inayi motsatizana, ya fodya wa pamphuno, ya mawu a akuluakulu okoma akagonera, ndi ina. Bisani dzina la Luwiza ndi chala, muike la mwana wina aliyense. Ngati kalatayo ikumuyenerabe, si ya m'buku lanu. Yesero lina ndi kuichotsa yonse n'kuwerenga mutu wotsatira. Ngati Luwiza akuchita zomwezo zimene akanachita popanda kalata, ndiye kuti inali yongoliritsa, ndipo pampondachimera penipeni pali kwina kapena palibe.

Izi zikutifikitsa pa nthawi imene kalata ikufika m'manja, chimene ndi theka la ntchito yonse. Kuchokera ku Tete kufika ku Ulongwe ndi makilomita opitirira 200, ulendo wa tsiku limodzi pa chapa. Mu 2010 mafoni anali atafika kale m'midzi yambiri. Wowerenga afunsa kuti bwanji sanangoimba, ndipo buku liyankhe lisanafunsidwe: foni ndi yobwereka, mwini wake waima pomwepo akuwerenga mayunitsi, ndipo pa Pasaka tinaona kale kuti ngakhale maso ndi maso agogo analephera. Ndiye kalata ikaperekedwa kwa kondakitala kapena kwa woyendetsa lole ya kachewere agogo akadali moyo, Luwiza akwera chapa m'mawa mwake, ndipo pampondachimera pasamukira pambali pa mphasa, pamene awiriwo akuyang'anizana. Imeneyo ndi nthano yabwino, koma kalata yasanduka yoitanira chabe. Ngati mukufuna kuti kalata yeniyeniyo ikhale pachimake, njira yoyankhira itsekedwe. Agogo amuuze Zuze kuti aisunge m'kope mpaka iwo ataikidwa.

Nthawi yabwino yoiperekera ndi pamene maliro atha koma anthu sanabalalike, m'mawa umene achibale akusonkhana kusesa ndi kumeta, pamene amakambirananso za katundu, ngongole ndi minda ya malemu. Amalume akonzeka kulengeza za kubwereketsa munda, mwina alandira kale chikole. Zuze wamukoka Luwiza kuseri kwa nkhokwe, wamupatsa mapepala opindidwa kanayi, ofewa ndi thukuta, n'kuthawa. Iye akuwerenga chiimirire, utsi wa kumaphikiro ukumulowa m'maso, wina akumuitana kuti abwere ndi ndowa. Musamupatse chipinda chabata ndi usiku wonse wolira. Ali ndi mphindi zochepa asanakakhale pa mphasa ya azimayi, ndipo asankhe: akhale chete, agogo akhalebe ndi dzina labwino koma khasu ligwe pa amayi ake, kapena alankhule pamaso pa mbumba yonse kuti munthu amene amuika dzulo ananamiza mudzi kwa zaka 24. Malamulo aja a m'kalata, "khasu lisagwe pamenepo" ndi "pita ndi akuluakulu", sangatsatidwe mobisa. Agogo amusiyira ntchito imene iwo anailephera.

Ena amasindikiza kalata yonse kaye kenaka n'kufotokoza mmene wolandira wamvera. Ena amaidula ndi zochitika pakati. Pa kalata yaifupi chonchi ndingaidule kamodzi kokha, pomwe Zuze anaidulira, pa kutsokomola paja. Pamenepo Luwiza akweze maso, aone msuku uli potero kuseri kwa mapesi, atembenuze pepala. Pambuyo pake musatiuze kuti mtima wake unasweka. Tioneni chimene manja ake akuchita, ndi kumene mapazi ake alowera, kaya ndi kubwalo kapena m'nyumba kukafuna kachitini.

Kachitini kameneko si kokongoletsa nkhani. Pepala lolembedwa ndi mwana, lopanda chidindo cha chala ngakhale mboni, lilibe mphamvu palokha, ndipo amalume anena zimenezo nthawi yomweyo: mwanayu walemba za m'mutu mwake, kapena wauzidwa ndi Luwiza amene akufuna munda. Akunena zomveka, ndipo mlembi awalole kunena bwino, asawasandutse chilombo. Ku Mozambiki nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa, ndipo lamulo la malo la 1997 limalemekeza amene akhala pamalo mwa mwambo, limalandiranso umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi. Choncho nkhani ya kachigawo ka pamsuku siithera pa pepala. Ithera pabwalo, pamaso pa ankhoswe ndi amfumu, ndipo kumeneko chofunika ndi munthu wamoyo woti avomereze. Munthuyo ndi aNasibeko, namkungwi amene anamuveka Marita mikanda ya m'chiuno. Mikanda yotere mkazi saivula wamba, ndipo munthu wotengedwa ndi asilikali akanapita nayo. Mayi wokalambayo akaitambasula pachikhatho n'kuizindikira, pamenepo ndi pamene azimayi ayambe kulira maliro achiwiri, ndipo amalume, amene Marita ndi mlongo wawo, akhale pansi.

Watsala Zuze. Mabuku ambiri amamuiwala akangopereka kalata, ngati kuti anali bolopeni chabe. Koma mwanayu wasunga mapepalawo m'kope masiku angapo, akupita nawo kusukulu, akudziwa kuti pamsuku pamene iye ndi anzake amatola masuku pagona munthu. Pabwalo amuitana, amalume amufunsa ngati mawu onsewo ndi a agogo, ndipo iye ayenera kuyankha za mzere wake womaliza uja, wakuti pena sanamve bwino. Mlembi adziwiretu kuti ndi pati pamene mwanayo sanamve, ndiponso chimene analemba m'malo mwake. Mwina ndi dzina la mwini khasu lobwereka, munthu amene anadziwa ndipo akadali moyo m'mudzi momwemo. Buku likhoza kuliulula m'mutu womaliza kapena kulisiya, koma Luwiza adzamufunsa Zuze ali awiri, ndipo funsolo likhale ndi yankho limene mlembi akulidziwa.